Phiko la ndege limafooka chifukwa cha ngodya, osati kuchepa kwa liwiro kokha

Pa geji ya liwiro ya ndege yaing'ono yophunzitsira ya Cessna 172S pali mzere wobiriwira umene umayambira pa nambala 48. Nambala za pa geji imeneyi ndi manoti, ndipo noti imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola, kotero manoti 48 ndi pafupifupi makilomita 89 pa ola. Wophunzira kuyendetsa ndege amauzidwa msanga kuti singano ikatsika kupitirira pamenepo mafulapu, timapiko ta kumlomo wakumbuyo wa phiko timene timatsitsidwa potera, asanatsitsidwe, phiko limasiya kunyamula bwino, mphuno ya ndege imagwa, ndegeyo n'kuyamba kutsika. Kufooka kwa phiko kumeneku ndiko kumene makompyuta a m'ndege zikuluzikulu amachenjeza ndi mawu akuti STALL, ndipo sikukhudzana ndi kuzima kwa injini, pakuti kumachitika ngakhale injini ikulira bwinobwino, komanso kumachitika pa ndege zouluka popanda injini. Nambala 48 si yabodza, koma imanena zoona pokhapokha zinthu zina zingapo zili m'malo mwake. Ndege yomweyo ingathe kufooka ikuthamanga manoti 70 kapena 90, ndipo ingathe kudutsa kanthawi pa manoti 30 phiko lake osafooka. Chimene chimafanana nthawi zonsezi ndi ngodya imene phiko likukumana nayo ndi mpweya.

Ngodya imeneyi tiyenera kuimvetsa bwino tisanapitirire, chifukwa anthu ambiri amaisokoneza ndi kuloza kwa mphuno ya ndege. Tikadula phiko n'kuliyang'ana cham'mbali, tingathe kujambula mzere wowongoka kuchokera kumlomo wake wakutsogolo kukafika kumlomo wakumbuyo. Mzere wachiwiri ndi wa mphepo imene phiko likuimva, ndipo mphepoyo imachokera kumene ndege ikupita, osati kumene mphuno yaloza. Ngodya ya pakati pa mizere iwiriyi ndiyo tikuitcha ngodya ya phiko. Ndege imene yakweza mphuno madigiri 10 pamwamba pa mzere wa dziko, uku ikukwera ndi njira yopendekera m'mwamba madigiri 6, ili ndi ngodya ya phiko ya madigiri 4 okha, ndipo palibe vuto lililonse. Ndege ina imene mphuno yake yaloza molunjika kutsogolo, koma ikumira ndi njira yotsetsereka madigiri 20, ili ndi ngodya ya madigiri 20, ndipo phiko lake lafooka kale ngakhale kuti wokhala m'kati akuona ngati zonse zili bwino. Diso la woyendetsa limaona kumene mphuno yaloza, koma phiko limangodziwa kumene mphepo ikuchokera.

Phiko limanyamula ndege pokhotetsa mpweya kuti upite pansi. Pochita zimenezi mpweya wodutsa pamwamba pa phiko umathamanga kwambiri ndipo kupanikiza kwake kumachepa, makamaka pafupi ndi mlomo wakutsogolo, pamene wa kunsi umapanikiza mochulukirapo pang'ono. Kusiyana kumeneku ndiko kumakokera phiko m'mwamba, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyi limachitika pamwamba pa phiko. Ngodya ikawonjezeka, mpweya umakhotetsedwa kwambiri ndipo mphamvu yonyamula imakula pafupifupi mofanana pa digiri iliyonse, kuyambira pa madigiri 2 kapena 3 a ulendo wamba mpaka kupitirira madigiri 10. Pa mapiko ambiri a ndege zing'onozing'ono kukulako kumathera pa madigiri 15 kapena 16. Kupitirira pamenepo, kuwonjezera ngodya kumachepetsa mphamvu yonyamula m'malo moiwonjezera.

Chifukwa chake chili m'kagawo kopyapyala ka mpweya kamene kamakhudza khungu la phiko, kamene Ludwig Prandtl anakafotokoza pa msonkhano wa akatswiri a masamu ku Heidelberg m'chaka cha 1904. Mpweya uli ndi kumata pang'ono, kotero umene wagunda chitsulo cha phiko umaima ndithu, wa pamwamba pake umayenda pang'onopang'ono, ndipo liwiro lonse limapezeka patali mamilimita kapena masentimita ochepa kuchokera pakhungupo. Mpweya wa m'kagawo aka uli ndi ulendo wovuta. Ukangodutsa pamlomo wakutsogolo umalowa pamalo pamene kupanikiza kwatsika kwambiri, kenaka uyenera kuyenda kulowera kumlomo wakumbuyo kumene kupanikiza kwabwerera mwakale, ndiye kuti ukuyenda molimbana ndi mphamvu yoikankhira m'mbuyo. Zili ngati wa njinga amene watsetsereka m'chigwa osapalasa, n'kumadalira liwiro limene wapeza potsika kuti limukweze chitunda cha tsidya linalo. Kukhuzana kwa matayala ndi msewu kwamudyera kale mphamvu ina, ndipo chitunda chikakula kwambiri amaima asanafike pamwamba n'kuyamba kubwerera. Ngodya ya phiko ikamakula, chigwacho chimazama ndipo chitunda chimakula, mpaka mpweya wa pakhungu umaima usanafike kumbuyo, umabwerera cham'mbuyo, n'kutukula mpweya wonse wa pamwamba pake kuuchotsa pa phiko.

Zimenezi zimaoneka ndi maso ngati munthu amata tizingwe ta ulusi, totalika ngati chala, m'mizere pamwamba pa phiko lonse, monga amachitira oyesa ndege zatsopano. Pa ulendo wamba tizingwe tonse timagona chogonera kumbuyo, osagwedezeka. Woyendetsa akayamba kukoka chiwongolero pang'onopang'ono, tizingwe ta mzere wakumbuyo pafupi ndi thupi la ndege ndito timayamba kunjenjemera, kenaka timazungulira, ndipo tina timaloza kutsogolo, kusonyeza kuti mpweya pamenepo ukuyenda mobwerera. Akapitiriza kukoka, chisokonezocho chimakwera kulowera kumlomo wakutsogolo ndi kufalikira kunsonga. Opanga ndege amapotoza phiko mwadala kuti tsinde lake likhale ndi ngodya yokulirapo kuposa nsonga, n'cholinga choti kufooka kuyambire patsinde pamene timapiko tokhotetsera ta kunsonga tikadagwirabe ntchito. Mpweya wosokonezekawo ukamenya mchira, ndege yonse imanthunthumira, ndipo woyendetsa amakumva kunthunthumirako m'manja ndi pampando. Mphamvu yonyamula sitheratu, koma imachepa pa nthawi imene mphamvu yokokera ndege m'mbuyo ikukula kwambiri, ndipo choipitsitsa n'chakuti chiwongolero chimatembenuka khalidwe: kukoka, kumene nthawi zonse kumakweza ndege, tsopano kumaimiza.

Funso lenileni lili apa: n'chifukwa chiyani liwiro lalikulu silithandiza mpweya wa pakhungu kukwera chitunda chija? Munthu angaganize kuti mpweya wothamanga uli ndi mphamvu yambiri, ndipo n'zoona, pakuti liwiro likawirikiza kawiri mphamvu ya kuyenda kwake imawirikiza kanayi. Koma kuzama kwa chigwa ndi kukula kwa chitunda nakonso kumawirikiza kanayi, chifukwa kusiyana konse kwa kupanikiza kozungulira phiko kumakula ndi liwiro m'njira yomweyo. Mbali ziwirizi zikakula mofanana, amene apambane sasintha. Chimene chimasintha kukula kwa chitunda poyerekeza ndi mphamvu ya mpweya ndi kaumbidwe ka phiko ndi ngodya yake. N'chifukwa chake tizingwe tija timayamba kuzungulira pa ngodya pafupifupi imodzimodzi, kaya ndege ikuyenda manoti 50 kaya 100.

Nanga kuchepa kwa liwiro kumalowa bwanji? Kumalowa kudzera m'lamulo la mphamvu yonyamula, limene limalembedwa chonchi:

L = ½ ρ V² S CL

Apa L ndi mphamvu yonyamula, ρ ndi kulemera kwa mpweya pa muyeso umodzi wa malo, V ndi liwiro, S ndi kukula kwa phiko, ndipo CL ndi nambala yosonyeza mmene phiko likugwiritsira ntchito mpweya umene likukumana nawo. Nambala yotsirizayi imakula ndi ngodya mpaka pa malire aja. Ndege youluka molunjika, osakwera kapena kutsika, imafuna kuti L ifanane ndi kulemera kwake. Kukula kwa phiko sikusintha, mpweya ndi womwewo, ndiye liwiro likatsika palibe china chotsala koma kukweza CL, kutanthauza kukoka chiwongolero ndi kuwonjezera ngodya. Kuchepa kwa liwiro sikufooketsa phiko mwa iko kokha, koma kumakakamiza woyendetsa amene akufuna kukhalabe pamtunda womwewo kuti apemphe ngodya yokulirakulira, mpaka apemphe imene phiko silingapereke.

Tiziike m'manambala a Cessna 172S ija. Ikadzaza mpaka pa malire imalemera makilogalamu 1,157, ndipo phiko lake ndi lalikulu masikweyamita 16.2. Geji imalakwitsa pang'ono mphuno ikakwera kwambiri, kotero pamene ikuonetsa 48, liwiro lokonzedwa bwino ndi manoti 53, ndipo ndilo tigwiritse ntchito powerengera. Tikaika manambala amenewa m'lamulo lija, ndi mpweya wa pagombe la nyanja yamchere, CL imatuluka pafupifupi 1.5, ndipo ameneyo ndiye malire a phikoli mafulapu asanatsike. Pa manoti 75 ndege youluka molunjika imangofuna theka la nambala imeneyi, ndipo pa manoti 106, amene ndi 53 kuwirikiza kawiri, imangofuna gawo limodzi mwa magawo anayi. Apa pakuoneka chinthu choyenera kuchisamala: pa liwiro lalikulu, kutaya manoti 10 kumasintha ngodya pang'ono chabe, koma pafupi ndi malire manoti 10 omwewo amadya madigiri angapo nthawi imodzi.

Nambala 53 yatuluka chifukwa tinavomereza kuti phiko likunyamula makilogalamu 1,157 okha basi. Ndegeyo ikapepuka, ili ndi munthu mmodzi ndi mafuta ochepa, n'kulemera makilogalamu 900, phiko limafika pa ngodya ya malire pa manoti 47. Koma katundu wa phiko angathenso kukula popanda kukweza thumba ngakhale limodzi. Ndege ikapendekera mbali imodzi kuti ikhote, mphamvu yonyamula imapendekera nayo, gawo lina limakokera ndege m'kati mwa khotolo ndipo gawo lotsala ndilo limalimbana ndi kulemera. Kuti ndege isatsike, woyendetsa amakoka chiwongolero kuti mphamvu yonse ikule. Katundu wa phiko amawirikiza ndi nambala n = 1/cos φ, pamene φ ndi kupendekera kwa mapiko, ndipo liwiro lofookera limawirikiza ndi √n. Pa madigiri 30 katundu amakula pang'ono ndipo 53 amasanduka 57, pa madigiri 45 amasanduka 63, ndipo pa madigiri 60, pamene aliyense m'ndege amadzimva kulemera kawiri, amasanduka 75. Mzere wobiriwira wa pa geji suyenda, umangokhala pomwe anaupenta ku fakitale.

Malo amene masamu amenewa amaphera anthu kawirikawiri ndi khoto lotsiriza ndege ikamabwera kudzatera. Tiyerekeze kuti ndege yodzaza ija ikuyenda manoti 70, mafulapu sanatsike, ili mafiti 400 kuchokera pansi, ndipo ikukhotera kumanzere kuti ilunjike msewu woterapo. Mphepo ikuikankha kuchokera kumbuyo pamene ikuyandikira khotolo, motero ikuyenda msanga kuposa mmene woyendetsa amayembekezera, ndipo akuona kuti wadutsa mzere wa pakati pa msewu. Pouluka molunjika anali ndi mpata wa manoti 17 pamwamba pa 53. Apendeketsa mapiko madigiri 30, ndipo mpatawo watsala 13. Msewu ukuthawirabe kumanzere, ndiye awonjezera kufika madigiri 45, mphuno yayamba kugwa monga imachitira pa khoto lililonse lakuthwa, iye n'kukoka kuti aigwire, ndipo mpata watsala manoti 7. Akafika madigiri 55 akukokabe, n ndi 1.74, √n ndi 1.32, ndipo 53 kuchulukitsa ndi 1.32 ndi 70. Phiko lafooka singano ili m'kati mwenimweni mwa mzere wobiriwira, ndipo kunena zoona limafooka asanafike n'komwe pamenepo, chifukwa kukoka kumawonjezera mphamvu yobwezera ndege m'mbuyo ndipo manoti 70 aja amakhala atayamba kale kutha.

Woyendetsa amene akuopa kupendeketsa mapiko ali pafupi ndi nthaka amagwa m'msampha woipa kuposa umenewu. Amaponda chopondera cha kumanzere kuti mchira ukankhire mphuno kumsewu, ndipo phiko lakumanja, limene lili kunja kwa khoto, limathamanga n'kuyamba kukwera. Pofuna kuletsa kupendekerako amapotozera chiwongolero kumanja, zimene zimatsitsa kaphiko ka kunsonga ya phiko lakumanzere ndi kuliyandikizitsa ku malire ake. Phiko la m'kati, limene lili kale pansi, ndilo limayamba kufooka, ndipo ndege imagudubuzikira mbali yomweyo n'kulowa m'kugwa kozungulira. Buku la ndegeyi limati kufooka wamba kungadye mafiti 230, koma kuzungulira kamodzi ndi kuwongokanso kumafuna mafiti osachepera 1,000, ndipo munthu uja ali ndi 400. Njira yabwino pamenepo inali kusiya kuthamangitsa msewu, kuwongola mapiko, kuwonjezera mphamvu ya injini ndi kukazunguliranso, ndipo ine ndimaona kuti mphunzitsi amene sanazoloweretse wophunzira wake kuchita zimenezi popanda manyazi sanamalize ntchito yake.

Tiyenera kuonetsetsa kuti chofooketsa phiko m'chitsanzo chimenechi ndi kukoka, osati kupendekera pakokha. Woyendetsa atapendeketsa mapiko madigiri 60 koma osakoka, kulola mphuno kugwa, katundu wa phiko sakula ndipo silifooka, kungoti ndege imatsika mofulumira. Ndipo lamuloli limagwiranso ntchito mbali inayo. Amene akankha chiwongolero pamwamba pa kukwera, mpaka zinthu za m'ndege kuyamba kuyandama, wachotsa katundu yense pa phiko, n yafika pafupi ndi 0, ndipo phiko limene silikupemphedwa kunyamula silingafooke ngakhale liwiro litatsika pa manoti 30. Kumapeto ena a geji kuli malire a mtundu wina. Ndegeyi inapangidwa kuti ipirire katundu wowirikiza 3.8, ndipo 53 kuchulukitsa ndi √3.8 kumapereka pafupifupi 103, pafupi kwambiri ndi manoti 105 amene buku limapereka ngati liwiro lokhotera mwamphamvu ndege ikadzaza. Pansi pa liwiro limeneli, amene wakoka chiwongolero mwadzidzidzi kamodzi mpaka kumapeto amafooketsa phiko lisanapindike, pamene pamwamba pake phiko lingathe kupanga mphamvu yokwanira kudziwononga lisanafike pa ngodya ya malire.

Sindikufuna kusiya chithunzi chakuti ngodya ya malire ndi nambala yosasunthika konse. Imasunthika phiko likasintha kaumbidwe kapena mpweya ukasintha khalidwe. Mafulapu a kumbuyo amakweza malire a CL koma amatsitsa pang'ono ngodya yofookera, pamene tizitseko ta kumlomo wakutsogolo, timene timatuluka pa ndege zikuluzikulu zikamatera, timaikweza ndi madigiri angapo. Ayezi wochepa wokhakhala pamlomo wakutsogolo amadyeratu mphamvu ya mpweya wa pakhungu, ndipo phiko limafooka msanga, nthawi zina chenjezo lisanalire. Kumwamba kwambiri, ndege ikamayenda pafupi ndi magawo 8 mwa 10 a liwiro la phokoso, mpweya wa pamwamba pa phiko umapitirira liwiro la phokosolo m'malo ena, ndipo umatukuka pa ngodya yaing'ono kwambiri kuposa ya pafupi ndi nthaka. Komabe pa kaumbidwe kamodzi ndi mkhalidwe umodzi wa mpweya, ngodya imakhazikika kwambiri kuposa liwiro, limene limasintha ndi katundu aliyense ndi khoto lililonse.

N'chifukwa chake chenjezo la ndege limayeza ngodya. Pamlomo wakutsogolo wa phiko lakumanzere la Cessna 172 pali kabowo kakang'ono kolumikizidwa ndi paipi ku kalipenga ka m'chipinda cha woyendetsa. Pamlomo uliwonse wa phiko pali malo pamene mpweya umagawikana, wina kupita pamwamba wina kunsi. Ngodya ikamakula malo amenewa amatsetserekera kunsi, ndipo akadutsa kabowo kaja, mpweya wothamanga wokwera pamwamba umayamwa kabowoko, kalipenga n'kulira, manoti 5 mpaka 10 phiko lisanafooke. Sikafuna magetsi, ndipo asananyamuke woyendetsa amakayesa poika kansalu koyera pakabowopo n'kuyamwa ndi pakamwa mpaka atamva kulira. M'khoto la madigiri 55 lija kalipengaka kakanalira singano ili pa 70, ndipo woyendetsa amene amakhulupirira geji yokha akanaganiza kuti kalakwitsa. Ndege zikuluzikulu zili ndi tizitsulo tonga mbendera m'mbali mwa mphuno timene timatsatira mphepo ndi kuuza kompyuta ngodya.

Ngozi ya ndege ya Air France 447 imasonyeza nkhani yonseyi pa ndege yaikulu. Usiku wolowera pa 1 Juni 2009, ndege ya Airbus A330 yochokera ku Rio de Janeiro kupita ku Paris inali pa mafiti 35,000 pamwamba pa nyanja ya Atlantic, itanyamula anthu 228. Timibulu ta ayezi tinatseka timapaipi toyezera liwiro, makina oyendetsa ndege okha anadzichotsa pa ntchito, ndipo makompyuta anasiya kuteteza ndege ku ngodya yopitirira malire monga amachitira zonse zikakhala bwino. Ndegeyo inalibe vuto lina, ndipo kusokonekera kwa liwiro sikunathe ngakhale mphindi imodzi yathunthu. Koma woyendetsa amene anagwira chiwongolero anakoka, ndege inakwera mpaka pafupifupi mafiti 38,000 ikutaya liwiro, ndipo chenjezo linayamba kulira mosalekeza ngodya ili pafupi madigiri 6 okha, chifukwa kumwamba koteroko mpata ndi wochepa. Pamene phiko linkafooka, ndegeyo inali ikadadula mpweya pa makilomita opitirira 500 pa ola.

Lipoti lomaliza la bungwe la France lofufuza ngozi za ndege, BEA, limene linatuluka mu Julayi 2012, limasonyeza zimene zinatsatira. Oyendetsa anakankha injini mpaka pa mphamvu yonse, koma chiwongolero chinakhala chokokedwa nthawi yambiri, ndipo chipsepse chachikulu cha kumchira chinadzisuntha chokha kutsatira kukokako, kuchoka pa madigiri 3 kufika pa 13 okweza mphuno, n'kukhala pomwepo. Pamene ndege inkadutsanso pa mafiti 35,000 ikutsika, mphuno inali yokwera pafupifupi madigiri 15, ngodya ya phiko inapitirira madigiri 40, ndipo inkamira mafiti pafupifupi 10,000 pa mphindi. Tikachotsa 15 pa 40 tikupeza kuti njira yake inali yotsetsereka madigiri 25 pansi pa mzere wa dziko, pamene mphuno inkaloza kumwamba. Munthu woyang'ana geji ya kuloza kwa mphuno ndi ya injini, usiku wopanda choona kunja, ankaona ndege imene iyenera kukhala ikukwera. Ngodya yeniyeniyo, imene makompyuta ankaiyeza, sinkaonetsedwa kwa oyendetsa.

Panali chinthu chinanso chowawa. Makompyuta anakonzedwa kuti liwiro loyezedwa likatsika pansi pa manoti 60, asakhulupirire muyeso wa ngodya, popeza ndege yotere siyembekezeka kukhala m'mwamba pa liwiro limenelo. Pa ngodya ya madigiri 40 mpweya unkalowa m'timapaipi mopingasa ndipo muyeso wa liwiro unagwa pansi pa malirewo, chenjezo limene linalira masekondi 54 n'kukhala chete. Woyendetsa atakankha mphuno pansi, chimene chinali chinthu choyenera, muyeso unabwerera ndipo chenjezo linayambiranso, ngati kuti walakwitsa. Kugwa konse kunatenga mphindi zitatu ndi theka, ndipo ngodya itangopitirira madigiri 35, pamene inkayezeka, sinatsikenso pansi pake. Ndege inagunda madzi mphuno ili yokwera madigiri 16, injini zikugwira ntchito, ndipo palibe amene anapulumuka.

Mphamvu ya injini sinathandize chifukwa phiko lofooka kwambiri limakokera ndege m'mbuyo ndi mphamvu yoposa imene injini zingapereke, makamaka kumwamba kumene mpweya ndi wopepuka, komanso injini zopachikidwa kunsi kwa mapiko zimakweza mphuno zikapatsidwa moto, zimene zimawonjezera ngodya. Kwa zaka zambiri maphunziro ankalimbikitsa kuti chenjezo likalira, woyendetsa apereke mphamvu yonse ndi kuyesetsa kusataya mtunda, ndipo chizolowezi chimenechi chinkaphunzitsa dzanja kukoka. Itachitika ngozi imeneyi, ndi ina ya ndege ya Colgan Air pafupi ndi Buffalo ku America mu Febuluwale 2009 pamene woyendetsa anakokanso chenjezo litalira, opanga ndege ndi oyang'anira za maulendo a pandege anasintha ndondomeko. Tsopano choyamba ndi kuchotsa makina oyendetsa okha ndi kukankha mphuno pansi mpaka chenjezo ndi kunthunthumira zitatha, kuthandizira ndi chipsepse cha kumchira ngati chiwongolero chokha sichikukwanitsa, kenaka kuwongola mapiko, ndipo mphamvu ya injini imabwera monga ikufunikira. Woyendetsa amauzidwa kuvomereza kutaya mtunda, umene kumwamba kwambiri ungakhale mafiti masauzande angapo.

Gawo lotsiriza la kuwongoka lili ndi ngozi yakeyake, ndipo ndi lamulo lomwe lija la √n. Mphuno ili pansi, nthaka ikuoneka pagalasi lakutsogolo, liwiro labwerera, ndipo dzanja limafuna kukoka mwamphamvu. Mu Cessna ija, amene wafika manoti 70 n'kukoka mpaka katundu kuwirikiza kawiri wakweza liwiro lofookera kufika pa 75, ndipo phiko limafookanso kachiwiri, nthawi ino ali pafupi kwambiri ndi nthaka. Pa manoti 70 phikolo lingapereke katundu wowirikiza 1.7 basi, kotero kukoka kuyenera kukhala kwapang'onopang'ono, kumawonjezeka pamene liwiro likuwonjezeka, ndipo kalipenga kakangoyamba kulira dzanja liyenera kubwezako pang'ono.